LAMYA IKANGOTI ZII, MUSAPALAMULE MAPIRI

Anthu akumudzi tazolowera kuti netiweki imabwera ndi kupita. Lamya ikakhala cete timati ndi mvula, ndi mapiri, kapena magetsi azima ku nsanja. Mbala zikudziwa bwino cizolowezi cimeneci, ndipo ndico cikuzipatsa nthawi yokolola pomwe sizinalime.

Kuba kwake kumayenda motere. Nambala ya lamya imagwira nchito pa simu imodzi yokha. Mbala imapita ku kampani ya lamya ndi dzina lanu ndi nambala ya reji yanu, ninama kuti simu yataika. Nambala ikangoikidwa pa simu yatsopano, yanu imafa pomwepo. Kuyambira pamenepo mauthenga onse, ngakhale manambala acinsinsi amene banki imatumiza, amafikira mbalayo.

Zizindikiro zoyamba zimaoneka simu isanafe. Munthu wacilendo amaimba, nadzicha wanchito wa kampani, napempha nambala ya reji, pini, kapena manambala amene angolowa mu uthenga. Mwina mumalandira uthenga wonena za kusintha simu pamene inu simunapemphe. Nthawi zina lamya imalira kawirikawiri popanda wolankhula zomveka. Colinga cake ndi cakuti mutope ndi kuizima.

Tiyerekeze mlimi amene wagulitsa matumba 20 a cimanga, ndalama zili m'lamya. Masana lamya ilemba kuti "No service" kapena "Emergency calls only". Acitenji? Coyamba, aizime ndi kuiyatsanso. Caciwiri, aone lamya ya mnansi amene ali pa kampani imodzimodziyo. Ngati yakenso yafa, vuto ndi la nsanja. Koma ngati ya mnansi ikugwira, acotse simu yake naiike m'lamya ya mnansiyo. Ikakana m'menemonso, vuto lili pa simu.

Cotsiriza, mnansi aimbe nambala ya mlimiyo. Ikamveka kulira, kapena wina akayankha, pamene simu ili m'manja mwa mwini wake, palibenso cikaiko: nambala yabedwa. Komabe ikapanda kulira musakhazike mtima pansi. Simu yoonongeka imatero, koma mbala nayo ingathe kuzima lamya yake. Kampani yokha ndiyo inganene zoona.

Ife tikuti musayembekeze kuti kuce, pakuti ndalama zingathe m'mphindi zowerengeka. Bwerekani lamya, muimbire kampani kuti itseke nambala pamodzi ndi ndalama zili m'menemo, muuzenso banki. Cenjezani abale kuti asatumize kanthu kwa wopempha m'dzina lanu. Pambuyo pake pitani ndi reji ku ofesi ya kampani ndi ku polisi, ndipo nambala ikabwerera sinthani pini.

Tikupemphanso makampani kuti asapereke simu kwa munthu amene nkhope yake sikufanana ndi ya pa reji. Thukuta la caka conse lisathere pa kusasamala kwa kalaliki mmodzi.