Mwaiwala dzina la mankhwala anu?

Funso: A nesi, mankhwala anga a BP atha, dzina sindikulikumbukira. Ndikangonena kuti timapilitsi toyera, andipatsa?

Yankho: Ayi mayi, toyera n'tambiri. Amulodipini wa 5 mg ndi wa 10 mg onse amatha kukhala oyera, koma mphamvu n'zosiyana. Tengani buku lanu la kuchipatala kapena kapaketi kakale, ngakhale kong'ambika. Mufotokozenso matenda ake, ndiponso kuti mumamwa angati, kangati patsiku.

Funso: Nanga akandipatsa a dzina lina?

Yankho: Musachite mantha. Panado ndi parasetamolo ndi mankhwala amodzi, dzina lina ndi la kampani chabe. Wa ku famase akusonyezeni kuti dzina la mankhwala enieniwo ndi mamiligalamu zikufanana ndi za m'buku. Ine wongoyerekeza sindimukhulupirira. Ngati mulibe buku kapena paketi, bwererani kumene anakulemberani.