Mtengo wa sheya wolembedwa m'nyuzipepala si umene mudzagulitsire

Aliyense amene anagulitsapo mbuzi pamsika wa kumudzi amadziwa kuti mtengo wa mbuzi imodzi si mtengo wa khola lonse. Mnzanu akagulitsa tonde wake m'mawa pa mtengo wokwera, inu n'kubwera masana ndi mbuzi makumi awiri, mudzapeza kuti wogula wa ndalama zambiri uja anali mmodzi yekha ndipo wapita kale. Nzeru yomweyi, imene sitiivutikira pa ziweto, imatithawa tikamaona mitengo ya masheya. Pa msika waung'ono ngati wa ku Blantyre, wa Malawi Stock Exchange, ine ndimaona kuti funso la kukwera kapena kutsika kwa mtengo liyenera kubwera pambuyo. Loyamba ndi lakuti: mtengo umenewu anagwirizana ndi anthu angati, pa masheya angati?

Msikawu unayamba malonda a masheya mu 1996, kampani ya NICO ndiyo inali yoyamba kulowa, ndipo mpaka lero makampani ake safika makumi awiri. Zimene ndikunenazi sizachilendo kwa abale a ku Lusaka kapena ku Maputo, kumene misika ilinso ndi makampani owerengeka ndipo sheya ina imatha kukhala masiku osagulidwa.

Titenge kampani ya Airtel Malawi, chifukwa manambala ake ndi osavuta kuwagwira. Inalowa pamsika mu Febuluwale 2020. Ili ndi masheya 11 biliyoni, ndipo mwa amenewa anthu wamba ndi mabungwe anagulitsidwa 20 peresenti, kutanthauza masheya 2.2 biliyoni, pa K12.69 imodzi. Otsala 80 peresenti ali m'manja mwa kampani yaikulu ya Airtel Africa, imene siibwera pamsika m'mawa uliwonse kudzatsatsa. Tsono taonani chimene chimachitika: munthu mmodzi akagula masheya 1,000 pa mtengo wokwererapo ndi K1 poyerekeza ndi wa dzulo, ndipo tsikulo palibenso malonda ena, mtengo wolengezedwa umakwera ndi K1. Ochulukitsa manambala amatenga K1 ija n'kuichulukitsa ndi masheya onse 11 biliyoni, mawa lake n'kulemba kuti chuma cha kampaniyo chakula ndi K11 biliyoni. Ndalama yoonjezera imene yatuluka m'thumba la munthu ndi K1,000 basi.

Ngakhale masheya 2.2 biliyoni aja si onse amene amayenda. Chiyambireni 2011, pamene lamulo linakakamiza olemba ntchito ku Malawi kusungira antchito awo penshoni, mabungwe a penshoni amalandira ndalama mwezi ndi mwezi ndipo ayenera kuziika penapake. Iwo pamodzi ndi makampani a inshuwalansi amagula masheya ambiri n'kuwasunga zaka. Zotsala zoti inu ndi ine tizigulitsana n'zochepa kwambiri. Lipoti la pachaka la kampani kawirikawiri limaonetsa eni masheya akuluakulu, ndipo tsamba limenelo ndi loyenera kuliwerenga musanafike pa tsamba la phindu. Chotsani gawo la kampani yaikulu, chotsani la mabungwe osunga ndalama za anthu, muone chimene chatsala. Umenewo ndiwo msika weniweni wa sheyayo.

Tsopano tiwerengere pamodzi. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, si a kampani ina iliyonse. Tinene kuti muli ndi masheya 200,000, ndipo mtengo wolengezedwa ndi K100. Papepala muli ndi K20 miliyoni. Mwafuna kugulitsa, mwina kuti mumalize nyumba, ndipo mwapempha mkhalapakati wanu wa pamsika kuti akuuzeni amene akudikira kugula. Akukuuzani kuti wina akufuna masheya 5,000 pa K99, wina 20,000 pa K95, ndipo wachitatu 50,000 pa K88. Kumbuyo kwawo kulibe aliyense. Mukavomera onse atatu mugulitsa masheya 75,000 n'kulandira K6,795,000, kumene kuli ngati K90.60 pa sheya, musanachotse malipiro a mkhalapakati. Masheya 125,000 akadali m'manja mwanu opanda wogula, ndipo mtengo wa malonda omaliza tsopano ndi K88. Mwautsitsa ndi inu nomwe. Wina wowerenga nyuzipepala ku Mzuzu adzaona kuti sheyayo yagwa n'kuyamba kufunsa ngati kampani yalowa m'mavuto, chonsecho chachitika n'chakuti munthu mmodzi akufuna malata.

Chifukwa chake ndimati chiwerengero chofunika kuposa mtengo ndi cha masiku amene zingakutengereni kuti mutuluke. Msika umatulutsa malipoti a malonda oonetsa masheya amene agulidwa pa kampani iliyonse, ndipo mungawasonkhanitse a masiku 60 a malonda, pafupifupi miyezi itatu. Tinene kuti m'masiku amenewo masheya 1.2 miliyoni anasintha manja. Kugawa ndi 60 kukupatsa 20,000 patsiku, ndipo munganene kuti masheya anu atha m'masiku khumi. Koma yang'anani tsiku ndi tsiku. Mwina mupeza kuti masheya 900,000 anagulidwa tsiku limodzi lokha, pamene bungwe lina linapatsira linzake mtolo umene anagwirizana kale. Malonda otere inu sakukukhudzani. Otsala 300,000 m'masiku 59 ndi pafupifupi 5,000 patsiku. Komanso si inu nokha wogulitsa, ndipo mukafuna kusagwetsa mtengo simungatenge onse. Tinene kuti mutenga gawo limodzi mwa anayi, masheya 1,250 patsiku. Masheya 200,000 adzafuna masiku 160 a malonda, kupitirira miyezi isanu ndi iwiri. Kusiyana kwa masiku khumi ndi masiku 160 kwabwera chifukwa cha tsiku limodzi limene linabisala m'chiwerengero chapakati. Werenganinso masiku amene sipanagulidwe kanthu, popeza pa masiku otero mtengo wa dzulo umangolembedwanso. Sheya imene yakhala pa K100 milungu itatu imaoneka ngati yokhazikika, pamene kwenikweni palibe amene waiyesa.

Izi zimachitikanso mtengo ukamakwera. Ogula akachuluka ndipo eni masheya akakana kugulitsa, mtengo umadumpha tsiku ndi tsiku pa timalonda tating'ono. Apa m'pamene mauthenga a pa lamya amayamba kuzungulira kuti yakuti ikuthamanga, kwerani msanga. Njira yosiyanitsira ndi yomweyo: ikani kukwera kwa mtengo pambali pa kuchuluka kwa masheya ogulidwa. Kukwera kumene kwabwera ndi malonda ambiri kwa masiku angapo, makamaka kampani itangolengeza za phindu, kuli ndi maziko. Malamulo a msikawu amafuna kuti kampani idziwitse anthu ikaona kuti phindu lake lisiyana ndi la nthawi yapita ndi 20 peresenti kapena kuposa, choncho zidziwitso zoterezi n'zopezeka. Kukwera kumene kulibe chidziwitso chilichonse kumbuyo kwake, kwa masheya mazana owerengeka, kumangosonyeza kuti ogulitsa asowa.

Ngati mtengo wa pamsika ndi mboni yofooka chonchi, sheya tiiyeze ndi chiyani? Tiiyeze ndi ndalama zimene kampani imapanga ndi zimene imagawira eni ake, chifukwa zimenezo zimafika kwa inu ngakhale wogula atasowa. Pa sheya yathu ya K100 ija, tinene kuti phindu la chaka ndi K8 pa sheya, ndipo kampani imagawa K4. Ndiye kuti mukulipira phindu la zaka khumi ndi ziwiri ndi theka, ndipo m'manja mukulandira 4 peresenti pachaka. Ku London munthu sangadandaule nazo. Ku Malawi mu 2024 chiwongoladzanja chimene banki yaikulu ya Reserve Bank imakhazikitsa chinali 26 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu inkakwera ndi 30 peresenti ndi kuposa m'miyezi yambiri ya chakacho. Pamenepo 4 peresenti siikwana. Kuti sheyayo ikhale yoyenera K100, phindu la kampani liyenera kukula ndi 20 peresenti ndi kuposerapo chaka ndi chaka. Zimenezo n'zotheka kwa kampani imene imatha kukweza mitengo ya katundu wake osataya makasitomala, koma ziyenera kuoneka m'malipoti a zaka zingapo zapita.

M'malipotimo yang'anani ngongole za m'ndalama zakunja. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kapena pafupi ndi pamenepo. Airtel Malawi, imene ndalama zake zolowa zinali kukula, inamaliza chaka chimenecho ndi kuluza, makamaka chifukwa zimene inayenera kulipira m'madola zinalemera mwadzidzidzi zikawerengedwa m'makwacha. Amene ankangoyang'ana mzere wa mtengo sakanaliona tsokalo likubwera. Amene anawerenga za ngongole za kampaniyo anali ndi chenjezo. Kwa abale okhala ku Joni kapena ku Ulaya nkhaniyi imaluma kawiri. Masheya a K118,000 anali ofanana ndi madola 100 dzulo lake, mawa lake n'kukhala madola 69, mtengo wa pamsika usanasunthe n'komwe. Ndipo mukagulitsa mumalandira makwacha, amene kuwasandutsa ndalama yakunja m'dziko losowa madola ndi mzere wina woti muimepo.

Pali amene angandiyankhe kuti anthu anagula masheya a FDH Bank pa K10 mu 2020, sanawerengere masiku kapena kuchuluka kwa malonda, ndipo patapita zaka zochepa mtengo unachulukitsidwa kangapo. N'zoona, ndipo sindikunena kuti msika wochepa malonda ngwoipa. Kwa munthu wa ndalama zochepa uli ndi ubwino umene mabungwe akuluakulu alibe. Bungwe lofuna masheya mamiliyoni silingalowe popanda kudzikwezera lokha mtengo, pamene wogula masheya 2,000 amalowa mwakachetechete. Nthawi zina kampani imatulutsa lipoti labwino mtengo n'kukhala osasuntha kwa masiku, chifukwa owerenga malipoti ndi ochepa. Koma amene anapindula pa FDH anali ndi nthawi yodikira. Yemweyo akanafuna ndalama ya fizi m'sabata imene ogula anasowa, akanagulitsa pa mtengo umene wapezeka.

Pogula ndi pogulitsa, mkhalapakati muzimupatsa malire a mtengo. Kumuuza kuti "ndiguleni pa mtengo uliwonse umene ulipo" pa msika umene wogulitsa woyamba ali pa K101 ndipo wachiwiri ali pa K112 n'kumutuma kuti akwere makwerero onse ndi ndalama zanu. Muuzeni kuti musapitirire K102, ndipo muvomere kuti mwina mupeza gawo chabe la zimene mwapempha, zina mudikire sabata yamawa. Mumufunsenso kusiyana kwa mtengo wa wogula wapamwamba ndi wa wogulitsa wotsikitsitsa. Ngati wina ali pa K95 ndipo wina pa K101, mwataya kale pafupifupi 6 peresenti tsiku lomwe mwagula, kuonjezera pa malipiro a mkhalapakati polowa ndi potuluka. Pa sheya yogawa K4 pachaka, K6 imeneyo ndi magawo a chaka ndi theka.