Fomula ya zigoli ndi yoona, koma phindu lake si limene akutiuza

Pali uthenga umene wafala m'mafoni ndi m'malo oonera mpira, wakuti aliyense amene ali ndi kompyuta komanso zotsatira za magemu apitawo atha kupanga fomula yolosera magemu a Premier League ya ku Mangalande, n'kumadyera makampani obetchetsa mwezi ndi mwezi ngati malipiro. Ena afika pomagulitsa fomulayo. Chimene chikupatsa mphamvu uthengawu n'chakuti theka lake ndi loona. Masamuwo alipodi ndipo amagwira ntchito. Bodza lili pa phindu, ndipo kuti tilione bwino tiyenera kuipanga fomulayo tokha, kenaka n'kuiika pafupi ndi maodzi.

Chiyambi chake ndi avareji ya zigoli. Tiyerekeze kuti m'ligi yonse timu ya pakhomo imagoletsa zigoli 1.5 pa gemu, pomwe yoyenda imagoletsa 1.2, manambala amene sali kutali ndi a Premier League. Timu yathu ya pakhomo imagoletsa 1.8 ikakhala pabwalo lake. Tikagawa 1.8 ndi 1.5 tipeza 1.2, ndiye mphamvu yake ya kutsogolo. Alendo akamasewera koyenda amachinyidwa 1.5, mofanana ndi avareji, choncho otchinga awo tiwapatsa 1.0. Tichulukitsa 1.5 ndi 1.2 ndi 1.0, ndipo tiyembekezera zigoli 1.8 kwa eni bwalo. Tikatero ndi mbali inayo, tinene kuti alendo atuluka ndi chigoli 1.0.

Palibe timu imene imagoletsa zigoli 1.8 pa gemu imodzi, n'chifukwa chake pakufunika lamulo la Poisson, katswiri wa masamu wa ku Falansa amene analisindikiza mu 1837. Lamuloli limasandutsa avareji kukhala mwayi wa chigoli chimodzi, ziwiri, zitatu kapena kusagoletsa n'komwe. Mu Excel mungolemba `=POISSON.DIST(0,1.8,FALSE)` ndipo muona kuti mwayi woti eni bwalo atuluke opanda chigoli ndi pafupifupi 17 pa 100. Mukachulukitsa mwayi wa mbali ziwirizi pa zotsatira zonse, 1-0, 2-1, 0-0 ndi zina, n'kuphatikiza, mupeza kuti eni bwalo ali ndi mwayi wa 56 pa 100 wopambana, kulepherana ndi 23, ndipo alendo 21. Ntchito yonseyi ndi ya masana amodzi. Njirayi inalembedwa ndi Maher mu 1982, ndipo Dixon ndi Coles anaikonza mu 1997 ataona kuti imaphonya pa magemu a zigoli zochepa ngati 0-0 ndi 1-1. Chinthu chimene chakhala m'mabuku zaka zoposa 40 sichingakhale chinsinsi kwa kampani imene imadyera pa kuwerengetsa mwayi.

Tsopano tiyang'ane maodzi. Tinene kuti kampani yaika 1.75 pa eni bwalo, 3.90 pa kulepherana ndi 4.50 pa alendo. Mukagawa 100 ndi nambala iliyonse mupeza 57.1, 25.6 ndi 22.2, zomwe pamodzi zikukwana 105. Mwayi weniweni sungapitirire 100, ndiye 5 wapamwambayo ndi gawo la kampani, lomwe imatapa mpira usanayambe. Tikachotsa gawolo, kampani ikuona kuti mwayi wa eni bwalo ndi pafupifupi 54. Fomula yathu yati 56. Apa ndi pamene ambiri amasangalala kuti apeza pamene kampani yalakwitsa, koma chulukitsani 0.56 ndi 1.75: yankho ndi 0.98. Ngakhale fomula yanu itakhala yolondola kuposa ya kampani, pa K10,000 iliyonse muzilandira K9,800 pa avareji. Kuposa kampani pang'ono sikukwanira, muyenera kuiposa ndi mtunda wopitirira gawo lake lija.

Wina anganene kuti ndiye tidikire maodzi abwino, monga 1.85, pomwe masamu akupereka phindu la K360 pa K10,000. Ndi funso lanzeru, ndipo yankho lake lili mu nambala ija ya 1.8. Inachokera m'magemu 19 okha amene timu imasewera pakhomo pa sizoni, ndiye kuti zigoli pafupifupi 34. Chotsanipo zinayi, penate ziwiri zokayikitsa ndi mipira iwiri imene inagunda chitsulo n'kulowa m'malo motuluka, avareji yatsika kufika pa 1.6. Ikani 1.6 mu fomula yomweyo ndipo mwayi wopambana ugwa kuchoka pa 56 kufika pa 51. Pa maodzi a 1.85 phindu lija lasanduka kuluza kwa K500 kapena kupitirira. Pa magemu 19 okha, kusiyana kwa 0.3 kumbali iliyonse kumachitika mwangozi chabe, popanda chosintha mu timu. Kulakwitsa kwa fomula n'kwakukulu kuposa phindu limene ikulonjeza. Ndiponso fomulayo sidziwa kuti goloboyi wavulala Lachinayi, kapena kuti mphunzitsi apumitsa osewera asanu chifukwa cha gemu ya Champions League, pomwe maodzi amasuntha nkhani zoterozo zikangomveka. Fomula yanu ikasiyana kwambiri ndi maodzi, kawirikawiri ndiye kuti pali chimene inu simunamve.

Nanga zithunzi za matikiti opambana zimene ogulitsa fomula amationetsa? Zambiri n'kutheka ndi zenizeni, koma sizitsimikiza kanthu. Munthu wobetcha pa maodzi a 2.00 amene akuluza 5 pa 100 pa avareji ali ndi mwayi woposa umodzi mwa inayi wokhala ndi phindu akabetcha maulendo 100. Pa gulu la anthu 40, khumi adzakhala ndi zithunzi zoonetsa, ndipo 30 enawo satumiza kanthu. Mbali inayo ndi yowawa kwambiri: amene alidi ndi phindu la 2 pa 100, akabetcha K1,000 maulendo 1,000, ayembekezere K20,000 yokha atazunguza K1 miliyoni, komabe mmodzi mwa anayi otere adzatsiriza ataluza. Pa tikiti ya magemu khumi, imene ambiri kuno amaikonda, gawo la kampani limadzichulukitsa kakhumi, moti pa K100 iliyonse pafupifupi K39 ndi yopita kale.

Sitikukana kuti alipo amene analemera ndi masamu a mpira. Tony Bloom, mwini wa Brighton, ndi Matthew Benham wa Brentford ndi zitsanzo zodziwika. Koma iwo ali ndi makampani athunthu a akatswiri a masamu ndi oonera magemu, ndipo amapeza phindu laling'ono pa ndalama zochuluka zedi. Kubetcha kwa anthu otere ndi kumene kumawongola maodzi, kotero kuti mukamatsegula foni Loweruka m'mawa, nzeru zawo zili kale mu mtengo umene mukuuona. Ndipo makampani ambiri amachepetsa ndalama imene wopambanapambana angaike.

Amene akufuna kuyesa fomula yake angathe kutero osataya tambala. Aipange ndi zotsatira za sizoni imodzi, kenaka ailozetse pa magemu 380 a sizoni yotsatira, amene fomulayo sinawaonepo. Pa gemu iliyonse imene ikuti abetche, alembe maodzi amene akanatenga, n'kuwayerekeza ndi maodzi otsekera, aja a pamene oyimbira akuliza wezulo yoyamba. Ngati anatenga 1.85 ndipo msika watsekera pa 1.75, anaona chinthu anzake asanachione. Ngati pa magemu mazana ambiri maodzi ake sakuposa otsekerawo, phindu lililonse limene lili papepala lake linabwera mwamwayi. Wogulitsa fomula afunsidwe kaundula ameneyu, wa magemu onse, opambana ndi oluza omwe, wolembedwa mpira usanayambe.