Chogwirira Cha Pamasitepe Chiyezedwe Ndi Dzanja

Amayi anzanga, nyumba zambiri zomangidwa pamtsetse, monga za ku Zomba ndi ku Blantyre, zili ndi masitepe okwerera pakhonde. Amene amawakwera kawirikawiri ndife, mwana ali kumsana, chidebe chili m'manja. Tsono mmisiri akabwera kudzaika chogwirira, musangomsiyira bambo wakunyumba. Tengani tepi muime pomwepo, pakuti chogwirira chogwedera n'choopsa kuposa khoma lopanda kanthu: munthu amachikhulupirira, n'kutsamira ndi thupi lonse.

Tiyerekeze masitepe asanu ndi limodzi otsata khoma la njerwa. Choyamba ndi msinkhu. Ikani tepi pamlomo wa sitepe, pomwe phazi limayamba kuponda, ndipo muyeze molunjika m'mwamba masentimita 90. Lembani chizindikiro pakhoma. Chitani chimodzimodzi pa sitepe yapansi ndi yapamwamba, kenaka mukoke chingwe pakati pa zizindikiro ziwirizo. Pamwamba pa chogwirira patsate chingwecho. Mukayeza kuchokera mkati mwa sitepe, chogwirira chidzatsika, ndipo potsika mudzayamba kuwerama pochifunafuna. Ngati a m'banja mwanu ndi aatali mutha kukweza, koma osapitirira mita imodzi.

Mwana wa zaka zitatu sangagwire bwino pamenepo. Amakweza dzanja kufika kumutu, ndipo akaterereka amangolendewera. Musatsitse chogwirira cha akulu chifukwa cha iye. Muikireni chake chachiwiri pa masentimita 60. Mpata wotsala pakati pa ziwirizi ngwokwanira kuti mkono usapanike.

Chachiwiri ndi kunenepa kwake. Amisiri ena amakonda thabwa lalikulu chifukwa limaoneka lolimba, koma dzanja limangokhala pamwamba osagwira. Chogwirira chabwino n'chozungulira ngati mpini wa khasu, chonenepa pakati pa mamilimita 32 ndi 50. Pogula paipi samalani, popeza dzina lake silinena kunenepa kwa kunja. Paipi yamadzi yotchedwa inchi imodzi ndi kota kunja kwake ndi mamilimita 42, ndipo iyenera akulu. Ya inchi imodzi ndi pafupifupi 34, ndipo iyenera ana. Igwireni musanalipire. Chala chachikulu chikatsala pang'ono kukumana ndi zinzake, ndiye yabwino. Ngati pamalopo pamawomba dzuwa tsiku lonse, mtengo wopalidwa bwino uposa chitsulo, chomwe chimatentha m'mwezi wa Okotobala mpaka mwana kukana kuchigwira.

Chachitatu ndi mabulaketi, tizitsulo togwiriziza chogwirira kukhoma. Pa masitepe athuwa, ngati sitepe iliyonse ikwera masentimita 17 ndi kutambalala 28, chingwe chija chidzatalika pafupifupi masentimita 165. Mabulaketi atatu akwana: kumayambiriro, pakati ndi kumapeto, motero mpata wake sufika mita imodzi. Onjezani masentimita 30 a chogwirira kumtunda ndi kumunsi, kuti dzanja ligwire phazi lisanaponde, ndipo nsonga zake zipindikire kukhoma kuti zisakole nsalu. Bulaketi igwire chogwirira chakunsi, kuti dzanja liziyenda osachotsedwa, ndipo pakati pa khoma ndi chogwirira pakhale masentimita 5 olowa zala.

Apa ndi pomwe ntchito zambiri zimalakwika. Pulasitala sagwira kanthu, ndipo matope a pakati pa njerwa amayoyoka. Bowo liloze pakati pa njerwa yeniyeni. Yang'anani fumbi lotuluka poboola: likayamba kufiira, afika panjerwa, likangokhala lotuwa kapena lamchenga, uzani mmisiri asunthire bulaketiyo pang'ono motsata chingwe. Sikuluwu ikhale ya masentimita 7 kapena 8, yolowa m'pulagi yapulasitiki, ndipo mabowo onse a bulaketi adzazidwe. Misomali ndi tizipapati tamtengo muzikane, chifukwa mtengo ukauma umanyala, msomali n'kusololoka. Njerwa zikakhala zosapsa bwino, pulagi sigwira. Pamenepo agobe khoma, alowetse chitsulo chokhala ndi mchira wa mphanda, atseke ndi simenti yolimba, ndipo padutse sabata munthu asanatsamire.

Ngati mbali ina ya masitepe ilibe khoma, ikani zitsulo zoimirira, mpata wake wosafika masentimita 10 kuti mutu wa mwana usalowe. Zopingasa ana amazisandutsa makwerero.

Musanapereke malipiro omaliza, imani pa bulaketi iliyonse, mukoke chogwirira ndi mphamvu zanu zonse, kenaka muchikankhire pansi. Chikagwedera, chikalira, kapena fumbi likagwa kuseri kwa bulaketi, ntchito sinathe. Bwerezani kuyesaku mvula ikatha chaka chilichonse, pakuti chinyezi ndi dzimbiri zimayambira pobisika, pomwe sikuluwu yalowa m'khoma.