Lekani kuseka “why you are late” ngati simungafotokoze chimene chalakwika

Mu Lusaka muli matenda ena amene chipatala sichichilitsa: kuseka Chizungu cha mnzako. Munthu alembe chabe pa Facebook kuti *Why you are late?*, muone mmene akatswili atulukila. Wina aika tunkhope toseka, wina ati bwelela ku Giledi 5, wina amufunsa ngati ndalama za sukulu anadyela vitumbuwa. Koma gwilani mmodzi wa oseka aja mumufunse kuti chalakwika n'chiani. Yankho idzakhala yakuti “sichimveka bwino chabe.” Mumupatse mphindi ziwili, mudzamuona akulembela abwana ake kuti *I would like to know when is the meeting*. Apo walakwitsa lamulo imodzimodzi imene amasekela mnzake, kungoti iye wagwela mbali inayo.

Ine nikamba kuti vuto si mitu ya ana a sukulu. Vuto ni yakuti lamulo imeneyi timaiphunzitsa hafu, ndipo timaiphunzitsa monga kuti Chinyanja kulibe.

Choyamba chimene oseka sadziwa n'chakuti *why you are late* ni Chizungu chabwino-bwino. *I know why you are late* ni chiganizo chopanda banga. *Tell me why you are late* chilinso bwino. Mawu anayi amenewo si olakwika, amangolakwika akaima okha na chizindikilo cha funso kumapeto. *Why are you late?* ni funso imene mumaponyela munthu pamaso. *Why you are late* ni chidutswa chimene chimakhala mkati mwa chiganizo china, ndipo chimagwila nchito monga dzina ya chinthu.

Ife a Chinyanja kusiyana kumeneku tinakudziwa tikalibe kuyamba na sukulu yomwe. Mvelani izi. Pofunsa timati, “Uli kuti?” Koma pofotokoza timati, “Nidziwa kumene uli.” Pofunsa, “Ufuna chiani?” Pofotokoza, “Namva chimene ufuna.” Pofunsa, “Wachedwa chifukwa chiani?” Pofotokoza, “Nidziwa chifukwa chimene wachedwela.” Palibe mwana wa ku Matero kapena ku Chawama amene angakambe kuti “Kumene uli?” pofuna kudziwa kumene muli. Angamve yekha kuti chiganizo chalendewela, sichinafike. Manje *Where you are?* imamveka ndendende choncho m'makutu a mwini Chizungu. Ni “kumene uli” wopanda mutu wake.

Kusiyana kwa zitundu ziwilizi kuli pa chida chimene zimasewenzetsa. Chinyanja chimasintha liwu: kuti isanduka kumene, chiani isanduka chimene, ndani isanduka amene. Chizungu chili na liwu imodzi chabe pa nchito zonse ziwili. *Where* ni kuti, ndipo *where* yomweyo ni kumene. Popeza liwu siisintha, azungu amasintha malo a mawu otsatila. *Where are you* ni “uli kuti”, *where you are* ni “kumene uli”. Nkhani yonse yagona apo. Mphunzitsi angailembe pa bolodi mu mphindi zisanu, ana n'kuigwila mpaka kale-kale. Koma m'makilasi ambili, kukamba liwu ya Chinyanja pa nthawi ya Chizungu kumaonedwa monga kutukwana, ndiye mwana amangouzidwa kuti “funso imatembenuzidwa”, basi, loweza.

Ndipo n'zomveka kuti kutembenuza kumativuta. Mu Chinyanja funso siisuntha mawu. “Wagula nsapato” ikakhala funso timangochotsa nsapato n'kuikapo liwu yofunsila pamalo pomwepo: “Wagula chiani?” Ngati ni funso ya inde kapena iyai, timakweza chabe mawu kapena kuika “kodi” kutsogolo. Chizungu chimafuna zinthu ziwili nthawi imodzi. Liwu yofunsila ipite kutsogolo, ndiyeno kaliwu kothandiza, monga *is*, *are*, *was*, *have*, *can* kapena *will*, kalumphe kaime patsogolo pa mwininkhani, kutanthauza munthu kapena chinthu chimene chikukambidwa. Wolemba *Why you are late?* wachita choyamba, waiwala chachiwili. Hafu ya nchito waigwila bwino, ndipo chimene chamukoka ni dongosolo ya chitundu chake, osati umbuli.

Pamene zimavutilako ni pamene chiganizo chilibe kaliwu kothandiza. Mu *You came late* mulibe chimene chingalumphe. Zaka 400 zapitazo, m'nthawi ya Shakespeare, azungu anali kutha kulumphitsa mneni weniweniyo, ndipo Ajelemani amachitabe zimenezo mpaka lelo. Chizungu cha masiku ano chinaleka. Chimabweleka *do*, *does* kapena *did* kuti alumphe m'malo mwa mneni, ndipo wobwelekedwayo amanyamula na nthawi yomwe. N'chifukwa chake timati *Why did you come late?* osati *did you came*. Nthawi yakale yapita kale pa *did*, simungailipile kawili monga kondakita amene waiwala kuti munapeleka kale ndalama.

Manje tiyeni pa vuto imene lamulo ya hafu imabala. Mwana amene anakwapulidwa mpaka kuloweza kuti funso iliyonse imatembenuzidwa, amayamba kutembenuza paliponse pamene waona *why*, *where* kapena *when*. Ndiye timamva *Can you tell me where is the station?* komanso *He asked me what do I want*. Zolondola ni *where the station is* na *what I wanted*. Ndipo pano Chinyanja chimatikankhilanso m'dzenje, chifukwa ife timaloledwa kunyamula funso yathunthu n'kuiika mkati mwa chiganizo: “Ananifunsa kuti ufuna chiani.” Chizungu cholembedwa sichilola zimenezo pokhapo mutaika zizindikilo zoonetsa kuti ni mawu eni-eni a wokamba. Mu *Can you tell me where the station is?* funso ni imodzi chabe, *can you tell me*, ndipo yatembenuzidwa kale. Zotsalazo ni katundu amene funsoyo yanyamula.

Chochititsa chidwi n'chakuti cholakwa chachiwilichi sichisekedwa kweni-kweni. Chimamveka cha anthu ophunzila, mumachimva m'maofesi na m'misonkhano ya anthu a mataye. Cholakwa cha mnyamata wa mu komboni ndicho chimakhala nthabwala. Pamenepo mungaone mweka kuti kuseka kumeneku sikukhudza galamala.

Koma wochonga mayeso sayang'ana taye. Mu pepala yachiwili ya Chizungu ya Giledi 12, imene ECZ imakonza, muli mbali yolembanso ziganizo popanda kusintha tanthauzo, ndipo kusandutsa mawu eni-eni a munthu kukhala mawu osimbidwa ni nchito yodziwika bwino m'mbali imeneyo. Tiyeni tichite imodzi. Mwapatsidwa: *“Why are you late, John?” the teacher asked.* Mwauzidwa kuyamba na *The teacher asked John*. Liwu yofunsila ikhale pomwepo: *why*. Ndiyeno bwezani kulumpha kuja, mwininkhani abwele patsogolo: *you are*. Popeza manje tikusimba za John, *you* asanduka *he*. Popeza *asked* ni nthawi yakale, *are* abwelela kumbuyo n'kukhala *was*. Chizindikilo cha funso chichoke, paikidwe kadontho. Yankho: *The teacher asked John why he was late.* Amene alemba *why was he late* wasintha munthu bwino, wasintha nthawi bwino, koma yankho yake ni yolakwika chifukwa cha tumawu tuwili tumene twasinthana malo.

Ngati funso inali na *do* wobwelekedwa uja, mumubweze kwa eni ake. *“Where do you live?”* isanduka *She asked me where I lived*. Palibenso kulumpha, ndiye *do* alibe nchito, ndipo nthawi ibwelela pa mneni. Funso ya inde kapena iyai, imene ilibe liwu yofunsila, imalowa na *if* kapena *whether*, monga mmene ife timaikila “ngati”: *He asked if I was ready*.

Nidziwa zimene ena adzakamba. Adzati Chizungu cha Zambia ni chathu, bola timvana, ndipo ku India na ku Ireland nakonso anthu amakamba *I asked him where was he going* popanda kupepesa. N'zoona, ndipo pa minibasi kapena pa Soweto Market sinidzawongola munthu aliyense. Koma UNZA imafuna kilediti ya Chizungu kuti mulowe, nesi amene afuna kukasewenza ku Britain amalemba mayeso monga IELTS kapena OET, ndipo kalata yofunsila nchito imawelengedwa na munthu amene ali na makalata ena mulu patebulo ndipo akusakila chifukwa chotayila ena. Kuuza wachichepele kuti “zilibe kanthu” pamene inu mweka munapasa kale, ni kumunamiza. Kumuseka ni nkhanza, koma kumubisila lamulo ni nkhanza yovala bwino.

Ndipo kwa imwe akatswili a “funso iliyonse imatembenuzidwa”, nifotokozeleni *Who broke the window?* Apa palibe kulumpha, palibe *did*. Chifukwa chake n'chakuti *who* ndiye mwininkhani, ali kale kutsogolo, ndiye palibe womulumpha. Yelekezelani na *Who did you call?*, pamene mwininkhani ni *you* ndipo *who* ni munthu amene anatumilidwa foni. Nanga *How come you are late?* Iyi ni funso yeni-yeni, tanthauzo yake ni imodzi na *why*, eni chitundu amaikamba tsiku lililonse, ndipo *you are* waima chilili osasuntha. Choncho amene analemba *Why you are late?* anasewenzetsa dongosolo imene Chizungu chimalola pa *how come* koma chimakana pa *why*. Anaphonya na mpata waung'ono kwambili.

Mukakayikila polemba, chiyeso chili m'kamwa mwanu. Masulilani mbali imeneyo mu Chinyanja. Ikatuluka na kumene, chimene, pamene, amene kapena mmene, musatembenuze. Ngati chiganizo chonse ni funso imene mungayambe na “kodi”, ndipo liwu yofunsila ili pachiyambi peni-peni, tembenuzani, kupatulapo pamene *who* kapena *what* ndiye mwininkhani. Uthenga uja wa kwa abwana uyeseni: “Nifuna kudziwa nthawi imene msonkhano udzachitika.” Yatuluka “imene”, ndiye cholemba ni *I would like to know when the meeting is*, na kadontho kumapeto.