Bilu ikachedwa, ngongole nayo imachedwa?

Kodi magetsi amene anayaka m'Disembala anayaka liti? Yankho ndi lodziwikiratu, koma mabuku a makampani ang'onoang'ono ambiri, mabungwe ndi makoparetivu amayankha kuti anayaka m'Januwale, chifukwa choti m'Januwalemo ndi m'mene pepala la bilu linafika pa desiki. Tikamufunsa wosunga mabuku chifukwa chake sanalembe, amayankha mosavuta kuti, "Bilu sinabwere, ndikanalemba chiyani?" Ife tikukana yankho limeneli. Ndalama yogwiritsidwa ntchito imalembedwa m'chaka chimene chinthucho chinagwiritsidwa ntchito, osati m'chaka chimene wotumiza bilu wakumbukira kutumiza.

Tiyerekeze kampani yaing'ono yophika buledi, imene imatseka mabuku pa 31 Disembala. Nyumba imene ikuphikiramo ndi yalendi, ndipo mita yake ya ESCOM ndi ija yolipira pambuyo, osati yogula mayunitsi. Ziwerengero zonse zimene tigwiritse ntchito pano ndi zongoyerekeza, kuti masamu aoneke bwino. Mabuku akuonetsa phindu la K5,000,000, ndipo eni ake ayamba kale kuwerengera zogawana. Koma bilu yomaliza ya magetsi inathera pa 10 Disembala, tsiku limene mita inawerengedwa. Kuyambira pamenepo mpaka pa 31, mauvuni akhala akuyaka masiku 21, nyengo ya Khirisimasi imene buledi ndi makeke zimayenda kuposa nthawi ina iliyonse. Ndalama zogulitsa buledi wa masiku amenewo zalembedwa mpaka tambala yomaliza. Nanga moto umene unaphika buledi ameneyo uli pati m'mabukumo? Ngati malonda a Khirisimasi alowa m'chaka chino, n'chifukwa chiyani mtengo wake ukukankhidwira chaka chamawa?

Wina anena kuti palibe amene angadziwe ndalama yake bilu isanafike. Kodi mita ija inasamuka? Ikadali pakhoma pomwepo, ndipo kuiwerenga sikulira chilolezo cha munthu. Pa bilu yomaliza, ya masiku 30 kuyambira pa 10 Novembala, panalembedwa mayunitsi 3,000 a ndalama zokwana K600,000 tisanaikepo msonkho wa VAT, kutanthauza K200 pa yuniti imodzi. Madzulo a pa 31 Disembala munthu apite pa mita, alembe nambala, aijambule pa foni kuti tsiku lioneke, achotsepo nambala imene ili pa bilu yomaliza. Tinene kuti patsala mayunitsi 2,400. Akachulukitsa ndi K200 apeza K480,000. Imeneyo ndi ngongole yeniyeni ya kampani pa tsiku lotseka mabuku, ngakhale palibe pepala lililonse lochokera kunja loichitira umboni.

Ngati palibe amene anakumbukira kuwerenga mita, njira ina ilipo, koma ndi yofooka. Mugawa K600,000 ndi masiku 30 n'kupeza K20,000 pa tsiku, muchulukitsa ndi masiku 21 n'kupeza K420,000. Taonani kuti yaperewera ndi K60,000, chifukwa kuwerengera masiku kumaganiza kuti Disembala ndi Novembala amafanana, pamene wophika buledi aliyense akudziwa kuti safanana. Kwa ena zimatembenuka: sukulu imene yatsekera, kapena chigayo chimene chakhala masiku angapo magetsi atathima, kuwerengera masiku kumawakwezera ndalama mopitirira. Choncho wogwiritsa ntchito njira imeneyi adzifunse ngati mwezi womalizawo unali ngati unzake, ndiponso ngati mtengo wa yuniti sunasinthe pakatipo. Komabe kuperewera ndi K60,000 n'kwabwino kuposa kuperewera ndi K480,000 yonse. Amene salemba kanthu poopa kuphonya walembabe nambala, ndipo nambalayo ndi ziro, imene tonse tikudziwa motsimikiza kuti ndi yolakwa.

Pali chinanso chimene ambiri amaiwala. Mabuku a chaka satsekedwa usiku wa pa 31 Disembala. Ntchitoyo imatenga Januwale, kwa ena mpaka Febuluwale kapena Malichi. Ngati bilu yafika mkati mwa nthawi imeneyi, mukuyerekezeranji chinthu chimene chili m'manja mwanu? Tengani bilu, muigawe pakati pa zaka ziwirizo, mulembe gawo la chaka chatha.

Kalembedwe kake ndi mizere iwiri yokha. Akawunti ya magetsi ilandira debiti ya K480,000, ndipo phindu litsika. Akawunti ya ngongole zimene mabilu ake sanafike ilandira kirediti ya K480,000, ndipo iwonekera pakati pa ngongole zolipidwa posachedwa. Ndalama ku banki sizikhudzidwa, chifukwa palibe chimene chalipidwa. Kampani yolembetsedwa pa VAT imalemba ndalamayi popanda msonkhowo, poti msonkho idzaufunsa ku MRA invoisi ikadzafika. Imene sinalembetse imaphatikiza msonkhowo mu ndalama ya magetsi, chifukwa kwa iyo ndi mtengo basi, sudzabwezedwa.

Pa lendi ndiye sitikuona chowiringula ngakhale pang'ono. Pa magetsi pamafunika kuyerekeza, koma pa lendi mukuyerekeza chiyani? Ndalama yake inalembedwa mu mgwirizano umene munasainira nokha. Tinene kuti kampani yathuyi imalipira K450,000 pa mwezi, miyezi itatuitatu, kumapeto kwa miyeziyo, ndipo chigawo chatsopano chinayamba pa 1 Novembala kukathera pa 31 Januwale. Pofika pa 31 Disembala yakhalamo miyezi iwiri osalipira, imene ndi K900,000. Mwininyumba sanatumize invoisi, mwina satumiza n'komwe, amangoimba foni nthawi ikakwana. Kodi kukhala chete kwake kukutanthauza kuti wakukhululukirani? Debiti ku lendi, kirediti ku ngongole, K900,000. Wosunga mabuku atsegule mgwirizanowo n'kuuwerenga, asadalire ndalama imene analipira ulendo wapitawo, chifukwa mapangano ambiri amakweza lendi pa tsiku lokwanitsa chaka, ndipo tsikulo likhoza kugwa mkati mwa miyezi yosalipidwayo. Alembenso lendi yonse yathunthu. Msonkho umene umadulidwa polipira mwininyumba n'kupita ku MRA suchepetsa mtengo wa lendi, umangogawa ndalamayo kwa olandira awiri.

Tiphatikize tsopano. K480,000 ndi K900,000 ndi K1,380,000. Phindu lija la K5,000,000 latsala K3,620,000. Kodi amene anali okonzeka kugawana akanagawana ndalama za yani? Gawo lina likanakhala la mwininyumba ndi la ESCOM. Nanga banki imene mukufuna ikukongozeni ndalama poona mabuku amenewa, mukuiuza zoona pamene ngongole ya K1,380,000 simunaitchule? Nanga membala wa koparetivu amene akutuluka n'kutenga gawo lake pa phindu lofufumitsidwa, mtolo wake ausenza ndani ngati si otsala?

Funso lolimba kwambiri limene timalandira ndi lakuti zimenezi zimadzikonza zokha. Amati chaka chilichonse chimalandira bilu ya Disembala wa chaka chatha n'kutaya ya Disembala wake, ndiye mabilu amakhalabe khumi ndi awiri. Mfundoyi ili ndi choonadi pang'ono, sitikana. Koma imagwira ntchito pokhapokha mtengo ndi kagwiritsidwe ntchito zikhale zosasintha. Kodi m'Malawi muno, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu m'2022 ndi m'2023, alipo angaimirire n'kunena kuti bilu ya Disembala uno ikufanana ndi ya Disembala watha? Ndipo ngakhale phindu litafanana mwamwayi, mndandanda wa ngongole umakhalabe wabodza chaka ndi chaka. M'chaka choyamba cha bizinesi ndiye palibe ndi mwayi womwe, chifukwa palibe bilu yakale yodzaza mpatawo.

Sitikunena kuti aliyense alembe ngongole pa 31 Disembala. Eninyumba ambiri kuno amafuna ndalama zawo pasadakhale, miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Amene analipira K1,350,000 pa 1 Disembala ya miyezi itatu alibe ngongole. Wagwiritsa ntchito K450,000 yokha, ndipo K900,000 yotsalayo ndi ndalama yolipiriratu, imene iyenera kuchotsedwa pa lendi ya chaka chino n'kusungidwira chaka chamawa. N'chimodzimodzi ndi mita yogula mayunitsi: palibe bilu yodikira, ndipo mayunitsi otsala pa mita, ngati ndi ambiri ndithu, ndi katundu wa chaka chamawa. Makampani akuluakulu otsatira IFRS 16, imene inayamba kugwira ntchito m'2019, amalemba malendi a zaka zambiri mwanjira ina. Ndiye funso loyamba si lakuti tilemba zingati, koma lakuti pa tsiku lotseka mabuku, ndani ali ndi ngongole kwa mnzake?

Kumene ambiri amagwera kwenikweni ndi m'Januwale. Bilu yafika, ya pa 10 Disembala mpaka pa 10 Januwale, mayunitsi 3,450, ndalama K690,000. Kalaliki ailowetsa yonse ku akawunti ya magetsi monga mwa masiku onse. Kodi K480,000 ija yalembedwa kangati tsopano? Kawiri, kamodzi chaka chatha, kachiwiri chaka chino, ndipo ngongole imene yalipidwa kale ikadali m'mabuku. Mankhwala ake ndi kutembenuza mizere ija pa 1 Januwale: debiti ku ngongole, kirediti ku magetsi, K480,000. Bilu ya K690,000 ikalowa, pa akawunti ya magetsi patsala K210,000, mtengo wa mayunitsi 1,050 a masiku khumi a Januwale. Lendi nayonso chimodzimodzi: K1,350,000 ikalipidwa kumapeto kwa Januwale, K900,000 ifafaniza ngongole, K450,000 ndiyo ya chaka chatsopano. Akanakhala kuti anagwiritsa ntchito njira ya masiku n'kulemba K420,000, kusiyana kwa K60,000 kukanangolowa m'chaka chatsopano. Mabuku otsekedwa satsegulidwanso chifukwa choti kuyerekeza kochitidwa moona mtima kwaphonya pang'ono.

Mafunso athu omaliza akupita kwa apampando, asungichuma ndi makomiti amene amasainira malipoti a chuma asanawamvetse. Simukufunika satifiketi ya ICAM kuti mugwire cholakwa chimenechi. Munapemphapo akawunti ya magetsi n'kuwerenga ngati ikufika pa 31 Disembala, kapena ikuthera pa 10? Munagawapo lendi ya chaka ndi lendi ya mwezi n'kuona ngati yankho ndi 12? Likatuluka 10, miyezi iwiri yasowa. Likatuluka 14, china chalembedwa kawiri kapena cholipiriratu sichinachotsedwe. Munaonapo zimene zinalipidwa m'Januwale ndi Febuluwale n'kufunsa kuti chilichonse ndi cha mwezi uti? Oditala akafika amayambira pomwepo. Ndipo mukapeza kuti ngongole yoyembekeza bilu ndi K480,000 chaka chino, K480,000 chaka chatha, K480,000 dzana lake, dziwani kuti palibe amene akupita pa mita. Nambalayo ikungokoperedwa, ndipo amene akuikopera aitanidwe abweretse chithunzi cha mita ndi mgwirizano wa lendi lipotilo lisanasainidwe.