Womasulira asamayeze matenda

Mu 1980, mnyamata wazaka 18 anafika naye pachipatala china ku Florida, ku America, atakomoka. Abale ake, ochokera ku Cuba, ankalankhula Chisipanishi ndipo anati mwanayo ali "intoxicado". Kwawoko liwuli limatanthauza kuti munthu wadwala ndi chimene wadya kapena kumwa. Koma pa Chingerezi pali liwu lofanana nalo lotanthauza kuledzera. Womasulira wophunzira ntchitoyi panalibe, choncho madokotala anamuthandiza ngati wamwa mankhwala ozunguza bongo mopyola muyeso. Chonsecho magazi ankatayikira muubongo. Pamene ankazindikira, masiku anali atapita. Anafa ziwalo, manja ndi miyendo yomwe, ndipo mlandu unatha ndi chipukutamisozi cha madola 71 miliyoni.

Ine nkhaniyi sindiiona ngati yakutali. Pachipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka, agogo olankhula Chiyao amakumana ndi dokotala wodziwa Chichewa ndi Chingerezi basi. Amamasulira ndani? Mdzukulu, wodikirira wodwala pabedi loyandikana, kaya wogwira ntchito amene wangodutsa.

Ifenso "intoxicado" wathu tili naye: malungo. Kumudzi munthu akati malungo, nthawi zambiri akunena kutentha thupi ndi kuphwanya mfundo. Kuchipatala, malungo ndi matenda ofalitsidwa ndi udzudzu, otsimikizika poyeza magazi. Womasulira akangoti "akudwala malungo", wayeza yekha matenda.

Ndiye womasulira wa ku Florida uja akanatani? Akanaimitsa kaye zokambirana n'kuuza dokotala kuti, "Liwu limeneli lili ndi matanthauzo angapo, ndiloleni ndifunse." Kenako n'kufunsa abalewo chimene akutanthauza, n'kubweza yankho lawo lonse mmene lilili. Kusankha tanthauzo mumtima mwake ndi kumene kumapha.

Chachiwiri, womasulira amalankhula ngati mwini mawu. Wodwala akati mutu ukundiwawa kuyambira dzana, iyenso amati "mutu ukundiwawa kuyambira dzana", osati "akuti mutu". Mukaona wodwala walankhula nthawi yaitali koma womasulira n'kutchula mawu atatu, dziwani kuti china chatayika panjira. Mwina ndi choti anamwa kale mankhwala azitsamba, chimene dokotala amafunika kudziwa asanalembe ake.

Chovuta kwambiri ndi kusatenga mbali. Dokotala akati pakufunika opaleshoni, womasulira asafewetse kuti "angokuonani pang'ono", komanso asanong'oneze kuti "vomerani, agogo". Chilolezo chopereka munthu asanamve zoona si chilolezo. Nchifukwa chake mwana sayenera kumasulira za mayi ake: mayiyo abisa za kumaliseche, mwanayo abisa uthenga wowawa.

Mukamasulira, pomaliza pemphani wodwalayo abwereze yekha kamwedwe ka mankhwala, mapiritsi angati, kangati patsiku. Ndipo zimene mwamva m'chipindamo zitsale momwemo, ngakhale apongozi atafunsa.